Kontena yonse kapena kagawo chabe: masamu a wamalonda wamng'ono

Pa pepala la mitengo limene kampani yonyamula katundu imatumizira wamalonda woitanitsa zinthu ku China, ku Dubai kapena ku India pamakhala zilembo zitatu zimene ambiri amazilumpha pothamangira kuona ndalama. Zilembozo ndi FCL kapena LCL. Zoyambazo zikutanthauza kuti kontena yonse ndi ya munthu mmodzi: amailonga yekha, kapena fakitale imamulongera, imatsekedwa ndi kachitsulo ka nambala kotchedwa silu, ndipo pokhapokha a kasitomu atafuna kuona zam'kati, sitsegulidwanso mpaka itafika. Zachiwirizo zikutanthauza kuti munthu wagula malo ochepa m'kontena imene mulinso katundu wa anthu ena, mwina khumi, mwina makumi awiri, amene sakuwadziwa n'komwe. Amalonda ena amati gulupeji.

Kusiyana kwake kuli ngati kuchita hayala minibasi yonse ndi kulipira mpando umodzi. Wa mpando umodzi amalipira zochepa, koma amadikira kuti idzaze, ndipo mnzake akapezeka ndi mlandu pa lodibuloko, onse amaima.

Kwa wamalonda wa ku Malawi nkhaniyi imalemera kuposa kwa mnzake wa ku Mombasa kapena ku Durban. Dziko lino lilibe doko la panyanja yamchere. Kontena ikatsika m'sitima ku Beira imakhala idakali ndi makilomita pafupifupi 800 kuti ifike ku Blantyre, kudzera ku Tete ndi pachipata cha Mwanza. Yotsikira ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,500 kudzera pa Songwe isanaone Lilongwe. Ya ku Nacala ikhoza kukwera njanji n'kulowera pa Nayuchi. Ndiye chisankho cha kontena yonse kapena kagawo sichithera panyanja ayi. Mbali yaikulu ya phindu kapena kuluza imachitikira pamtunda.

Kuyeza katoni

Zonse zimayambira pa tepi yoyezera. Malo a m'kontena amagulitsidwa pa kiyubiki mita, imene pa mapepala imalembedwa CBM: bokosi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kupita m'mwamba. Kontena ya mafiti 20 ili ndi makiyubiki pafupifupi 33, ya mafiti 40 ili ndi pafupifupi 67, ndipo ya mafiti 40 yotalikirapo m'mwamba ili ndi pafupifupi 76. Koma manambalawa ndi a kontena yopanda kanthu. Makatoni si madzi oti adzaze ngodya iliyonse. Pamatsala mipata m'mbali, pansi pa denga ndi pakhomo. Olonga katundu amawerengera makiyubiki 25 mpaka 28 m'kontena ya mafiti 20, ndipo katundu akakhala pa mapaleti amalowa wocheperapo.

Tiyerekeze mayi wa shopu ya ziwiya ku Limbe amene waoda makatoni 100 a mbale, makapu ndi mabeseni a pulasitiki ku Yiwu. Katoni iliyonse ndi ya masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi ndi 50 kupita m'mwamba. Akachulukitsa 0.6 ndi 0.4 ndi 0.5 amapeza kiyubiki 0.12. Makatoni onse pamodzi ndi makiyubiki 12, omwe sakufika ngakhale theka la kontena yaing'ono. Muyeso woti awerengere ndi wa kunja kwa katoni yolongedwa kale, osati wa mbale zili m'katimo, chifukwa pa nyumba yosonkhanitsira katundu adzayezanso okha, ndipo katoni yotupa pakati amaiyeza potupapo.

Pali zilembo zinanso ziwiri zimene zapweteka anthu ambiri: W/M. Zimatanthauza kuti mtengo wa LCL umawerengedwa pa kukula kapena pa kulemera, n'kutenga chimene chachuluka, ndipo panyanja kiyubiki imodzi amaifananitsa ndi makilogalamu 1,000. Makatoni a mayi uja akalemera makilogalamu 15 iliyonse, onse ndi tani imodzi ndi theka, ndiye alipira pa makiyubiki 12. Koma bambo woitanitsa matayilosi a pansi okwana makiyubiki 4 amene akulemera matani 6 sadzalipira pa 4. Adzalipira pa 6. Katunduyo akakwera thiraki zimaipirapo, chifukwa makampani a pamsewu amalola makilogalamu ochepa kwambiri pa kiyubiki imodzi, ena 333 okha. Katundu wolemera ngati matayilosi, misomali ndi zitsulo amafika msanga pamene kontena yonse imatchipa. Naye ali ndi malire ake: kontena ya mafiti 20 yonyamula matayilosi imakwanitsa kulemera kololedwa pamwamba pakadali mpata waukulu, ndipo masikelo a m'misewu ya ku Mozambique, ku Tanzania ndi ku Malawi samvera zoti sitima inalola.

Mtengo wooneka ndi mtengo weniweni

Mitengo yonyamulira katundu imasintha mwezi ndi mwezi, choncho manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe kake.

Mayi uja walandira uthenga pafoni wonena kuti LCL kuchokera ku China kufika ku Beira ndi madola 90 pa kiyubiki. Pa makiyubiki 12 ndi madola 1,080. Kampani ina yamuuza kuti kontena ya mafiti 20 ndi madola 2,300. Pamenepo palibe ndi choganizira chomwe, LCL yapambana. Koma mitengo iwiriyi ndi ya panyanja pokha. Pa LCL pamabwera ndalama yotsitsira ndi kugawa katundu, tinene madola 70 pa kiyubiki, ya thiraki mpaka ku Blantyre, tinene 130 pa kiyubiki, ndi ya mapepala, madola 200 kamodzi. Kiyubiki ya madola 90 ija yasanduka ya 290. Makiyubiki 12 akwana madola 3,480, kuphatikiza mapepala 3,680.

Kontena yonse nayo ili ndi zake. Pa 2,300 ya panyanja awonjezere 600 ya padoko ndi ya kampani ya sitima, 2,700 ya thiraki yobweretsa kontena ndi kuibwezanso yopanda kanthu, ndi 200 ya mapepala. Zonse ndi madola 5,800, kaya mwadzaza kaya muli makatoni atatu. Kwa mayiyu LCL ikadali yotchipa, koma tsopano akudziwa chilungamo chake: katoni iliyonse yamudyera madola 36.80 paulendo, osati 10.80 imene uthenga woyamba uja unamulonjeza. Akanaika mitengo ya mbale zake podalira nambala yoyambayo, bwenzi akugulitsa mpamba akuyesa akugulitsa phindu.

Kuchokera pamenepa n'zosavuta kupeza pamene mitengo iwiriyi imakumana. Mapepala ndi 200 mbali zonse, ndiye achotsedwe. Madola 5,600 otsalawo akagawidwa ndi 290 amapereka makiyubiki 19 ndi kanthu pang'ono. Pansi pa 19, kagawo n'kotchipa. Pamwamba pake, kontena yonse. M'ntchito yonyamula katundu anthu amakonda kunena kuti malire ali pa makiyubiki 13 mpaka 15. Mawuwa amathandiza monga chenjezo loti yafika nthawi yofunsa mitengo yonse iwiri, koma amagwira bwino kwa amene shopu yake ili pafupi ndi doko. Kwa wa kumtunda malirewo akhoza kukwera, chifukwa kampani yosonkhanitsa katundu imagwiritsa ntchito kontena yaikulu ya mafiti 40 n'kugawa mtengo wa thiraki kwa anthu ambiri, pamene wa kontena yaing'ono amasenza yekha ulendo wonse wopita ndi wobwerera. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi imene munthu wadziwerengera yekha ndi mitengo ya mwezi umenewo.

Msampha waukulu pa LCL umatcheredwa ndi wogulitsa katunduyo. Fakitale imati: musavutike, tikutumizirani tokha mpaka padoko lanu pa mtengo wochepa, nthawi zina waulere kumene. Pa invoyisi pamalembedwa CIF kapena CFR. Zimene zimachitika kuseri n'zakuti kampani yonyamula ya kumeneko imatsitsa mtengo kuti ikope fakitale, ndiye mnzake wa kuno amabweza ndalamayo pokweza zolipiritsa za potsitsira. Wolandira katundu alibe pothawira, popeza popanda kulipira sapatsidwa chikalata chotulutsira katundu wake. Chizindikiro chake n'chimodzi: mtengo wa panyanja wotsika modabwitsa, ndipo wogulitsa akafunsidwa za zolipira za kofikira amangoti ndi zochepa, osatchula nambala. Wamalonda wochenjera amagula pa FOB kapena FCA, n'kusankha yekha kampani yonyamula imene yamulembera zolipira zonse mpaka mumzinda wake.

Msonkho nawo uli m'masamu omwewa. A MRA amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikiza ndalama yonyamulira ndi ya inshuwalansi. Ulendo ukadula, msonkho umakweranso.

Wotchi ya kontena

Patapita chaka, malonda a mayi uja akula ndipo oda yake yafika makiyubiki 22. Pa LCL alipira madola 6,580, pa kontena yonse 5,800. Wapulumutsa 780. Apa ndi pamene ambiri amadumphira m'kontena yonse mwachimwemwe, osafunsa funso limene kwa wamalonda wa dziko lopanda doko ndilo lalikulu kuposa onse: kodi kontenayo iyenera kubwezedwa liti, ndipo kuti?

Kontena si ya wamalonda. Ndi ya kampani ya sitima, imene imangobwereketsa. Ikatsitsidwa padoko, kampaniyo imapereka masiku angapo aulere. Akatha masikuwo kontena ikadali m'doko, imayamba kulipiritsa tsiku lililonse, ndipo ndalamayi amaitcha demareji. Kontena ikatuluka koma n'kuchedwa kubwerera yopanda kanthu, pali ndalama ina yotchedwa ditenshoni. Oyendetsa doko nawo amalipiritsa yawo yosungira. Ndalamazi zimawerengedwa m'madola, ndipo kawirikawiri mtengo wa patsiku umakwera sabata ikadutsa. Kuwonjezera apo, kontena yopita kumtunda pa thiraki imene wamalonda wadzipezera yekha nthawi zambiri imafuna dipoziti, imene imabwezedwa kontena ikabwerera yosawonongeka. Ndalama imeneyi imachoka mu mpamba n'kukakhala m'manja mwa ena kwa masabata angapo.

Wotchiyi sidziwa kuti mapepala oyambirira anachedwa kufika kuchokera ku China, kuti ku banki ndalama zakunja sizinapezeke, kuti pachipata pali mdipiti wa mathiraki, kapena kuti mvula yadula msewu. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anawononga mzinda wa Beira ndi kudula msewu waukulu wochokera kumeneko. Koma sipafunika namondwe kuti munthu aluze. Masiku 10 ochedwa, pa madola 60 patsiku, ndi madola 600. Pa 780 imene mayi uja anapulumutsa patsala 180, ndipo sanalipirebe anyamata otsitsa katundu kapena malo osungira makatoni oposa 180 amene m'shopu yake sangakwane.

Zotetezera zilipo, koma zimakambidwa kontena isanakwere sitima. Wamalonda apemphe masiku aulere ochuluka ndipo alembedwe, popeza makampani a sitima amadziwa kuti katundu wopita kumayiko a m'kati amafuna nthawi yotalikirapo. Afunsenso ngati kampaniyo ingapereke chikalata chimodzi chofika mpaka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kuti iyo yokha ipeze thiraki kapena njanji, ndiponso ngati kontena yopanda kanthu ingasiyidwe ku depoti ya m'dziko muno. Mtengo wake umaoneka wokwera poyamba, koma umachotsa nkhawa yaikulu. Ndipo ejenti wokiliya katundu alandire invoyisi, mndandanda wa makatoni ndi chikalata cha sitima, chija chimalembedwa B/L, sitima ikadali panyanja. Kuyamba kufunafuna mapepala kontena itatsika kale ndiko kuwotcha ndalama.

Wa LCL wotchi imeneyi siimukhudza mwachindunji, chifukwa kubweza kontena ndi udindo wa kampani yosonkhanitsa. Ili ndi phindu lenileni kwa woyamba kumene, ndipo silioneka pa pepala la mitengo.

Komabe kagawo kali ndi mavuto ake, ndipo loyamba ndi nthawi. Katundu amadikira anzake ku nyumba yosonkhanitsira, ndipo kofikira amadikira kuti kontena itsegulidwe n'kugawidwa. Sabata imodzi kapena ziwiri zowonjezera pa ulendo umene kale umatenga mwezi ndi kupitirira si zachilendo. Kampani imene ili ndi makasitomala ochepa a ku Malawi ikhoza kusunga makatoni nthawi yaitali poyembekeza kuti kontena idzaze, choncho ndi bwino kufunsa kuti imatumiza kangati pamwezi. Woitanitsa zikwama za sukulu kapena katundu wa Khirisimasi akumbukirenso kuti mafakitale a ku China amatseka pa chaka chawo chatsopano, mu Januwale kapena mu Febuluwale, komanso sabata yoyamba ya Okutobala, ndipo masabata oyandikira tchuthicho malo amasowa, mitengo n'kukwera.

Vuto lachiwiri ndi anzake a m'kontenamo. Mmodzi akalemba kuti watumiza nsapato koma waikamo mafoni, kapena akabisa mabatire ndi mafuta onunkhira, zomwe panyanja zili m'gulu la katundu woopsa, akuluakulu a kasitomu akhoza kugwira kontena yonse. Amene mapepala ake ali bwinobwino amadikira limodzi ndi wolakwayo.

Lachitatu ndi kusweka. Katoni ya LCL imanyamulidwa kambirimbiri: kuchoka kufakitale, kulowa m'nyumba yosonkhanitsira, kulowa m'kontena, kutuluka, mwinanso kukwera thiraki ina. Pamwamba pake pakhoza kukhala injini ya munthu wina. Makatoni olimba, okulungidwa ndi pulasitiki, olembedwa chizindikiro cha mwini wake ndi nambala monga 1/100 ndi 2/100 mbali ziwiri, amafika bwino ndipo akasowa amadziwika msanga. Bokosi kapena paleti yamatabwa iyenera kukhala ndi chidindo cha ISPM 15 chosonyeza kuti matabwawo anaphedwa tizilombo. Za inshuwalansi sizofunika kukambirana: chipukuta misozi chimene onyamula katundu amapereka mwalamulo chimawerengedwa pa katoni kapena pa kilogalamu, ndipo n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa katunduyo. Katoni yofika yonyowa kapena yong'ambika ijambulidwe ndi kulembedwa pa pepala lolandirira munthu asanasayine.

Pali njira ina imene amalonda a m'misika amaikonda: anthu anayi kapena asanu odziwana kusonkherana n'kutenga kontena imodzi. Pa masamu ndi yabwino ndithu, chifukwa phindu la kampani yosonkhanitsa limatsala m'matumba mwawo. Koma pa chikalata cha sitima pamalembedwa dzina limodzi, ndipo kwa a sitima mwini dzinalo ndiye mwini ngongole. Mmodzi wa asanuwo akachedwa kupereka gawo lake la msonkho, wotchi ija imayendera onse. Ubale wambiri wathera pa kontena. Osonkherana alembe pangano asanatumize ndalama: aliyense ali ndi makiyubiki angati, makilogalamu angati, asonkha liti ndalama yokiliyira, ndipo wochedwetsa anzake alipira chiyani.

Chimodzimodzinso ndi makampani amene amati lipirani pa kiyubiki, msonkho uli momwemo, mudzangotenga katundu kunyumba yathu yosungira. N'zophweka, ndipo kwa wa makatoni asanu zikhoza kukwanira. Koma wamalonda amene akufuna kukula afunse ngati adzalandira Fomu 12 ya MRA yolembedwa m'dzina lake ndi TPIN yake. Popanda pepala limeneli alibe umboni woti analipira msonkho, ndipo akafunsidwa ndi banki za ndalama zakunja zimene anatumiza amasowa choonetsa.

Chomaliza chimene mapepala a mitengo satchula ndi mpamba wogona. Kontena ikaoneka yotchipa pa kiyubiki, mtima umafuna kuidzaza, ndipo munthu amene amafuna makiyubiki 12 amapezeka wagula 26 kuti malo asapite pachabe. Katundu wowonjezerayo amafuna ndalama zakunja zogulira, msonkho wolipiriratu ndi malo osungira, ndipo ngati ndalamayo ndi ya ngongole, chiwongoladzanja chimayenda mwezi uliwonse mabeseni ali phee m'nyumba. Amene amagulitsa makiyubiki 4 pamwezi adzatha miyezi isanu ndi umodzi ndi theka kuti amalize 26. Pa zovala, nsapato ndi zipangizo za mafoni, nthawi imeneyo ndi yokwanira kuti fasho isinthe. Ena amayankha kuti katundu amasunga mtengo kuposa kwacha, ndipo amakumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, amene anali ndi katundu m'nyumba n'kupepukidwa. Mfundoyi ndi yoona pa katundu wosatha fasho ngati matayilosi kapena mapaipi, komanso kwa munthu wogwiritsa ntchito ndalama yake. Kwa wongoyamba, amene sanaonebe ngati fakitaleyo imatumiza zofanana ndi sampulo, kudzaza kontena ndi kubetcha mpamba wonse pa munthu amene sanamuyesepo.

Kwa mayi wa ku Limbe uja, pa makiyubiki 12 yankho ndi kagawo, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Pa 22 kontena yonse imayenera kokha ngati masiku aulere alembedwa, ndalama ya msonkho ili kale pambali ndipo malo otsitsira alipo. Owerenga amene ali pakati pa ziwirizi ayeze makatoni awo, awayike pa sikelo, kenako apemphe makampani awiri kapena atatu kuti awalembere mitengo yonse iwiri mpaka mumzinda mwawo, cholipira chilichonse pa mzere wake, asanatumize ndi dola imodzi yomwe kwa wogulitsa.